Madzi potchajira kapena mu sipika: mvetserani mawu musanabaye tchaja

Foni ikanyowa kumunsi, chimene munthu amayamba kuzindikira ndi mawu. Nyimbo imamveka ngati ikuchokera pansi pa bulangete, kapena ikuthetheka, kapena palibiretu chomveka ngakhale kanema akuyenda bwinobwino. Kenako foni imakana kutchaja. Ambiri amaona ngati ndi mavuto awiri osiyana, koma gwero lake ndi limodzi. Kumunsi kwa foni kuli zinthu zitatu zoyandikana kwambiri: bowo lotchajira, sipika yaikulu ndi maiki yolankhulira. Pa mafoni ambiri a Android, bowolo ndi maiki zimakhala pa kabolodi kamodzi kakang'ono, ndipo sipika imalandira mawu kudzera pa timano tiwiri ta pa kabolodi komweko. Dontho limodzi litha kusokoneza zonse zitatu.

Madzi oyera akangolowa n'kuuma, nthawi zambiri sasiya vuto lililonse. Zimene zimapha potchajira ndi ziwiri: magetsi odutsa pamene pali ponyowa, ndi zotsalira zimene madziwo amasiya akauma, monga mchere, shuga kapena sopo. Choncho ntchito yoyamba ndi kuletsa magetsi kufika pamenepo, yachiwiri ndi kudziwa pamene madzi ali. Mawu a foniyo ndi amene akuuzeni.

Mphindi khumi zoyamba

Zulani chingwe chilichonse, cha tchaja ndi cha mahedifoni chomwe. Ngati foni yachita kumira, kapena ilibe chitetezo cha madzi, kapena ili ndi mng'alu pa galasi, izimitseni. Ngati ndi foni yotetezedwa ku madzi ndipo yangowazidwa, itha kukhala yoyaka. Chotsani chikwama chake, chifukwa madzi amakhala m'mphepete mwa chikwama n'kumatsikira pang'onopang'ono m'mabowo omwe mukufuna kuumitsawo. Pukutani kunja konse ndi kansalu kosasiya ubweya, makamaka pozungulira polowa simu kadi, musanatsegule pamenepo.

Kenako gwirani foni bowo lotchajira litaloza pansi, muigogode pang'onopang'ono pachikhatho kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu. Kugogoda kwake n'kwa munthu wotulutsa mankhwala omaliza m'botolo, osati kukutumula ndi mkono wonse. Kukutumula mwamphamvu kumayendetsa madzi amene alowa kale mkati kuwapititsa kumene anali asanafike. Mukayang'ana pachikhatho muona timadontho tiwiri kapena titatu. N'tochepa, koma m'bowo laling'ono chotero ndi dziwe.

Ndiye iimikeni foniyo, mabowo ali pansi koma osatsekeka, pamalo pouma podutsa mpweya. Fani youzira mpweya wozizira modutsa pakamwa pa bowolo imafulumizitsa kwambiri. Apple imalangiza kuti foni yonyowa idikire maola osachepera 5 isanalumikizidwe ndi chingwe, ndipo imati kuuma kwenikweni kutha kutenga maola 24. Malangizo amenewa ndi abwino pa foni ya mtundu uliwonse.

Chifukwa chake tchaja ndiye mdani

Bowo la USB-C lili ndi mapini 24, khumi ndi awiri mbali iliyonse ya kalilime kapakati, ndipo kuchokera pakati pa pini imodzi kufika pakati pa inzake ndi theka la milimita basi. Mapini onyamula mphamvu ali khoma limodzi ndi mapini amene foni imagwiritsa ntchito pozindikira chimene chabayidwa. Tchaja imayamba ndi 5 V, ndipo yotchaja mwachangu imakwera kufika 9 V kapena kuposa. Dontho likagona pakati pa mapini awiri otere, magetsi amadutsa m'madzimo, chitsulo cha pini imodzi n'kuyamba kusungunuka pang'onopang'ono. Golide wopyapyala wokutira piniyo akangoboola, mkuwa wapansi umadyeka msanga. Zotsatira zake mumaziona ndi tochi: ufa wobiriwira kapena woyera m'munsi mwa bowo, kapena pini imodzi yakuda ngati yapsa. Amene ali ndi zingwe za iPhone zotchedwa Lightning amakadziwa kadzino kamodzi kakuda pakati pa timano 8 ta kumutu kwa chingwe. Kameneko ndi konyamula mphamvu, ndipo chinyezi ndi chimene chimakadetsa kwambiri.

Mtundu wa chingwe ulinso ndi mbali yake. Tchaja ya USB-C mbali zonse ziwiri situlutsa mphamvu mpaka itazindikira kuti kwalumikizidwa chipangizo. Chingwe chimene mbali ina ndi USB-A, mutu waukulu wakale uja, chimakhala ndi 5 V kumapeto kwake nthawi yonse imene tchaja ili pamagetsi. Mutu wa chingwe chotere ukagwera m'madzi otayikira patebulo, umayamba kudyeka ngakhale foni ili kutali.

N'chifukwa chake mafoni ambiri atsopano amayeza chinyezi asanalole mphamvu kulowa. Amatumiza timagetsi tochepetsetsa pa mapini ena n'kuona ngati tikudutsa kupita kumene sitiyenera kupita. iPhone, kuyambira pa XS ndi XR, imalemba "Liquid Detected in Lightning Connector" kapena "Liquid Detected in USB-C Connector", nthawi zina "Charging Not Available". Mafoni a Samsung amaonetsa kachizindikiro ka dontho ndi uthenga wonena za chinyezi. Dziwani kuti foni siona madzi. Imangoona kuti magetsi akudutsa, ndipo mfundo imeneyi ibweranso tikafika pa chenjezo losatha.

iPhone imaperekanso batani la "Emergency Override" lokulolani kutchaja ngakhale pali ponyowa. Dzina lake likunena zoona: n'la pa ngozi. Kufuna kumaliza kuonera mpira si ngozi. Ngati foni yanu imatchaja popanda chingwe, pukutani kumbuyo kwake muiike pa tchaja yotero, bowolo lipitirize kuuma.

Mawu akusonyeza chiyani

Sipika ya foni ndi kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, komatidwa ku koyilo ya waya wowonda imene ili pakati pa maginito. Magetsi a nyimbo akadutsa mu koyilo, kachikopako kamagwedezeka n'kukankha mpweya. Mpweyawo umadutsa kanjira kopapatiza, kenako kasefa, n'kutulukira pa timabowo timene mumationa kunja. Pa foni yotetezedwa ku madzi, kasefako kali ndi timaso tating'ono kwambiri moti mpweya umadutsa koma dontho limakanika, chifukwa madzi amagwirana okhaokha n'kupanga kakhungu pamwamba pake.

Vuto lofala kwambiri ndi mawu otsika, ogonthoka, ngati wina watseka sipika ndi chala. Apa madzi ayala pa kasefa n'kutseka timaso take. Mawu akuthwa ndi amene amayamba kusowa: "s" ndi "ts" za wolankhula zimazimirira, zitsulo za woimba ng'oma sizimvekanso, kumangotsala kung'ung'udza. Izi zikumveka zoopsa koma ndiye zopepuka pa zonse, chifukwa sipika yeniyeniyo ili bwino. Madziwo akachoka, mawu amabwerera onse.

Kuthetheka ndi kulira ngati njuchi ndi nkhani ina. Kumasonyeza kuti timadontho tikuvina pa kasefa kapena tafika pa kachikopa penipeni. Kachikopa konyowa kamalemera mbali imodzi, kamagwedezeka mopendama, ndipo phokosolo limakula mukakweza voliyumu kapena besi ikagunda. Ngati likusinthasintha mukatembenuza foni kapena likuchepa ola ndi ola, ndi madzi chabe. Ngati patatha masiku awiri likumveka chimodzimodzi, pa mawu omwewo nthawi zonse, ndiye kuti guluu wa kachikopa wamasuka kapena dzimbiri lalowa pakati pa koyilo ndi maginito. Sipika yotere siichiranso, n'kusintha basi.

Pali vuto lachitatu limene limapusitsa anthu ambiri mpaka kugula sipika yatsopano pachabe: zii, palibe mawu ngakhale pang'ono. Musanaimbe mlandu sipika, dinani batani la voliyumu muyang'ane pa sikirini. Mukaona kachizindikiro ka mahedifoni kapena mawu akuti "Headphones" pamene simunabaye kanthu, foni ikuganiza kuti mahedifoni alimo ndipo ikutumiza mawu kumeneko. M'bowo lozungulira la mahedifoni, la mamilimita 3.5, muli timano timene timauza foni kuti chalowa chinthu, ndipo madzi amatilumikiza ngati mmene mutu wa mahedifoni umachitira. Bowo la USB-C limathanso kunamizidwa chimodzimodzi pa mafoni ena, chinyezi chikagwira mapini ozindikirira aja. Njira yachidule yotsimikizira ndi kutchera alamu ya mphindi imodzi kutsogolo. Pa mafoni ambiri alamu imalira pa sipika ngakhale mahedifoni alimo. Ikalira bwino pamene nyimbo ili chete, sipika ndi yamoyo, konyowa ndi kubowo. Zimitsaninso Bluetooth poyesa, kuopa kuti mawu akupita ku chipangizo china m'chipinda chapafupi inu muli kalikiliki kugogoda foni.

Chachinayi, inu mukumva bwino koma amene mukulankhula naye akuti mukumveka patali kapena ngati muli m'chitsime. Ameneyo ndi maiki yapansi. Kabowo kake n'kamodzi, kakang'ono kuposa ta sipika, ndipo dontho limodzi limakatseka konse. Jambulani mawu anu kwa masekondi khumi ndi pulogalamu yojambulira mawu, kenako jambulani kanema ndi kamera yakumbuyo mukulankhula chimodzimodzi. Mafoni ambiri ali ndi maiki ina kumtunda kapena pafupi ndi kamera, ndiye ngati kanema akumveka bwino koma mawu ojambulidwa paokha ndi ogonthoka, mwaipeza yonyowayo. Maiki siingadzitulutsire madzi ngati sipika. Imangofuna kugogoda kuja ndi nthawi. Musalowetse singano kapena kapini kotsegulira simu m'kabowo kameneka: kuseri kwake kuli kasefa koteteza, ndipo kakabooka, madzi otsatira adzalowa molunjika.

Sipika yakukhutu, ya pamwamba pa sikirini, yesani poimba foni wamba kenako n'kusinthira ku sipika yaikulu, mufanizire. Pa mafoni ambiri a Samsung mutha kuyesa iliyonse payokha polemba nambala iyi poimbira:

```
*#0*#
```

Pamatuluka mabokosi, mwa iwo "Receiver" ya sipika yakukhutu ndi "Speaker" ya yaikulu. Si mafoni onse amene amatsegula tsamba limeneli. Likakana, kuimba foni kuja n'kokwanira.

Kutulutsa madzi ndi mawu omwe

Sipika imatha kudzithandiza yokha. Mawu a besi amagwedeza kachikopa kutali kuposa mawu akuthwa, ndiye mpweya wa m'kanjira kaja umakankha dontho kunja. Wotchi ya Apple Watch yakhala ikuchita zimenezi dala kuyambira pa Series 2 ya 2016: munthu akatuluka m'madzi n'kuchotsa "Water Lock", imalira kangapo n'kulavula madzi. Pa foni, liwu limene anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi la 165 Hz, kutanthauza logwedeza kachikopa maulendo 165 pa sekondi. Nambalayi ilibe matsenga. Chilichonse pakati pa 150 ndi 200 Hz chimagwira. Mukatsika kwambiri, sipika yaing'ono chotere imalephera kukankha mpweya wokwanira, ndipo mukakwera kwambiri kachikopa kamangonjenjemera pamalo amodzi.

Pezani pulogalamu kapena tsamba lotulutsa liwu limodzi losasintha. Chotsani mahedifoni, zimitsani Bluetooth, ikani voliyumu pafupi ndi pamapeto. Gwirani foni sipika italoza pansi pamwamba pa kansalu kapena pepala lofewa, muliritse masekondi 15 mpaka 30. Muona timikanda ta madzi tikutuluka pa timabowo, tina tikuthothoka tokha, tina tikungolendewera. Tipukuteni pokhudza chabe, osati potikita, chifukwa kutikita kumatibwezera mkati. Pumulani pang'ono, gogodani pachikhatho, bwerezani katatu kapena kanayi. Pamene timikanda taleka kutuluka, lekani. Kuliritsa liwu limodzi pa voliyumu yonse kwa mphindi zambiri kumatenthetsa koyilo, ndipo sikutulutsanso kanthu. Chinyezi chotsalacho n'cha mpweya ndi nthawi.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imatulutsa madzi a m'kanjira ka sipika mokha, siikhudza bowo lotchajira kapena maiki. Ndipo ndi ya foni imene mukutsimikiza kuti madzi sanalowe mkati mwake. Ngati galasi la kamera lachita nthunzi mkati, sikirini ili ndi mabala owala kapena ikudzidina yokha, foni ikutentha popanda chifukwa kapena ikuzima n'kuyaka, musaliritse chilichonse. Izimitseni, ipite kwa mmisiri tsiku lomwelo kuti akachotse batire pa bolodi. Foni yozimitsa imakhalabe ndi mbali zina za bolodi zolandira mphamvu ya batire, ndiye dzimbiri silidikira kuti muiyatse. Tulutsaninso kathireyi ka simu muwalitse tochi m'kati: pa mafoni ambiri muli kapepala koyera kamene kamasanduka kofiira kapena kofiirira kakakhudzidwa ndi madzi.

Si madzi onse ofanana

Zilembo za IP67 zimatanthauza kuti foni inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 ndi kuposa pamenepo, malinga ndi wopanga: mafoni ambiri a Samsung amati mita 1.5 kwa mphindi 30, pamene iPhone 12 ndi zotsatira zake zikuluzikulu amati mamita 6. Koma mayeso onsewa ndi a madzi oyera, odekha, pa foni yatsopano. Guluu ndi timalabala totseka zimatha mphamvu ndi zaka, ndi kugwa, ndi kutsegulidwa pokonza. Opanga omwewo salipira foni yoonongeka ndi madzi pa chitsimikizo chawo chanthawi zonse, ndipo zimenezo zokha zikukuuzani mmene iwo eni amakhulupirira zilembozo.

Madzi a sopo ndi oipa mwa njira yawoyawo. Sopo amathetsa kugwirana kwa madzi kuja, ndiye amadutsa kasefa kamene madzi wamba akanakanika. Madzi amchere ndi thukuta zimadutsitsa magetsi kwambiri, ndipo zikauma zimasiya mchere umene umakokanso chinyezi cha mumpweya. Zakumwa za shuga zimasiya phula lomata timaso ta kasefa, moti mawu amakhalabe ogonthoka ngakhale pauma gwa.

Pa zamadzimadzi zotere, kuumitsa kokha n'kusunga vuto. Ngati foni ili ndi IP67 kapena IP68, ilibe mng'alu ndipo sinatsegulidwepo, izimitseni mutsukuluze kumunsi kwake ndi madzi oyera othira pang'onopang'ono kuchokera m'kapu, kwa masekondi ochepa, osati pa mpopi wothamanga. Mtima umakana kuthira madzi pa foni yonyowa kale, koma opanga akuluakulu amalangiza zomwezi, chifukwa madzi oyera amauma osasiya kanthu. Kenako gogodani, liritsani liwu lija, umitsani. Foni yopanda chitetezo isatsukuluzidwe. Imeneyo ikufunika kutsegulidwa n'kutsukidwa mkati.

Chenjezo limene silikutha

Titenge foni ya USB-C, ya zaka ziwiri, ya IP67, imene imakhala m'thumba la buluku ndipo inanyowa ndi mvula pamodzi ndi thukuta. Madzulo mawu anali ogonthoka ndipo inakana kutchaja. Mwiniwake analiritsa 165 Hz katatu, mawu n'kubwerera, naisiya pa fani usiku wonse. M'mawa inatchaja. Patatha masiku atatu chenjezo labweranso foni isanakhudze madzi, ndipo likumabwera makamaka m'mawa, kapena foni ikakhala m'bafa munthu akusamba madzi otentha.

Yambani ndi chosavuta. Kodi chenjezo likubwera chingwe chikangobayidwa, kapena lilipo ngakhale palibe chingwe? Ngati ndi pobaya pokha, yesani chingwe china ndi tchaja ina zimene sizinakhudze foniyi ili yonyowa. Mutu wa chingwe cha USB-C ndi wamphako, ndipo ukabayidwa m'bowo lonyowa umatunga madzi n'kuwasunga. Munthu amaumitsa foni maola 24 n'kuinyowetsanso ndi chingwe chake chomwe. Yang'anani m'mutumo ndi tochi. Mukaona zobiriwira, chitayeni chingwecho chisanadwalitse bowo.

Tiyerekeze kuti chingwe chatsopano sichinasinthe kanthu. Zimitsani foni muwalitse tochi m'bowo, ndi galasi lokulitsa ngati lilipo, kapena kamera ya foni ina. Pansi pa bowo loyera pamaoneka chitsulo kapena pulasitiki yosalala. Pa foni ya m'thumba mumapeza kaubweya kotuwa kotsendereka, kamene chingwe chakhala chikusinja tsiku ndi tsiku mpaka kulimba ngati chikopa. Chizindikiro china n'chakuti mutu wa chingwe sulowa mpaka kumapeto, sumveka kuti "kwa", ndipo umagwedera. Kaubweya kameneka ndi siponji. Kanamwa thukuta, madzi anauma, mchere unatsala. Mpweya ukakhala wachinyezi mcherewo umanyowanso, magetsi oyezera aja amadutsa, foni n'kunena kuti pali madzi. Sikunama; ikunena zimene ikuona.

Opanga amaletsa kulowetsa chinthu m'bowo, ndipo ali ndi chifukwa: kalilime ka USB-C kakathyoka, bowo lonse latha. Thonje la kumutu kwa kamtengo lisalowemo n'komwe, chifukwa limasiya ubweya wina. Koma kaubweya kotsenderekako sikatuluka kokha. Amisiri amachita motere, ndipo munthu wa dzanja lodekha atha kutero: foni ili yozima ndi youma, tengani kotokosera mano ka pulasitiki, kapena ka mtengo kosongoledwa mpaka kupyapyala kuti kalowe pakati pa kalilime ndi khoma popanda kukankha. Chachitsulo ayi. Fikitsani pansi, yendetsani motsatira khoma lakunja kuchoka pakona kupita pakona, mukukokera zinyalala kunja, osapotokola ndi osatsamira kalilime. Zotulukazo zimadabwitsa kuchuluka kwake.

Mchere wotsala umachoka ndi sipiriti wa aisopuropilo wa 90 peresenti kapena kuposa, amene amisiri amangomutcha IPA. Madontho awiri kapena atatu pa kaburashi kofewa, koyera, n'kupukuta m'bowo litaloza pansi, kawiri kapena katatu. Dikirani mphindi 30 musanayatse. Wa 70 peresenti ali ndi madzi ambiri, ndipo sipiriti wothiridwa utoto komanso mankhwala opaka m'manja amasiya zotsalira. Asafike pa timabowo ta sipika ndi maiki, pakuti naye amadutsa kasefa mosavuta ngati sopo ndipo amafewetsa guluu.

Pa foni ya chitsanzo chathu, apa ndi pamene nkhani imathera nthawi zambiri: chingwe chimalowa mpaka kumveka, chenjezo limasowa. Likatsalirabe pa sikirini, zimitsani foni n'kuyatsanso kuti iyezenso. Upangiri wofala woti mufufute zosungidwa za "USB Settings" pa Samsung umangothandiza uthenga umene wakakamira bowo litauma kale, suumitsa chilichonse. Chimodzimodzi kutchaja foni itazima pofuna kuzemba chenjezo: pa mafoni ena kumatheka, koma ngati mchere udakalimo, mukudyetsa mapini ndi manja anu.

Zimene zimaonjezera vuto

Mpunga sukoka madzi m'bowo kuposa mpweya woyenda, ndipo fumbi lake ndi tizidutswa take zimalowa momwemo n'kumata. Apple inachita kulemba poyera kuti anthu asaike iPhone mumpunga. Timapaketi ta silika tili bwinoko, ngati ndi tambiri, tatsopano, ndipo tili m'chotengera chotsekeka, koma tiwiri takale ta m'bokosi la nsapato tinakhuta kale chinyezi. Fani imaposa zonsezi.

Chowumitsira tsitsi, dzuwa lamasana ndi pamwamba pa chitofu zimafewetsa guluu amene akutseka foniyo ku madzi, zimapinda kachikopa ka sipika, ndiponso zimavulaza batire. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa 0 ndi 35 °C, ndipo mpweya wa chowumitsira umapitirira pamenepo kutali. Mpweya wopanikiza wa m'chitini kapena wa kompuresa umakankha madzi kudutsa kasefa ndipo utha kung'amba kachikopa ka maiki. Kuuzira ndi pakamwa n'kuthira chinyezi china chofunda.

Pamene pafunika kutsegula

Ngati patatha maola 48 ouma, bowo lili loyera, chingwe n'chatsopano, koma foni ikukanabe kutchaja, kapena ikutchaja chingwe chikabayidwa mbali imodzi yokha, kapena yasiya kutchaja mwachangu, ndiye kuti pini ina yadyeka. Pa mafoni okhala ndi kabolodi kapansi, mmisiri amasintha kabolodi konseko, ndipo maiki yatsopano imabwera pomwepo. Funsani kuti kakhale koyambirira kapena kochotsedwa pa foni ina ya mtundu womwewo, chifukwa tokopera totchipa nthawi zambiri timabwera ndi maiki yofooka, sititchaja mwachangu, ndipo tina timachepetsa netiweki popeza waya wa mlongoti umalumikizidwanso pamenepo. Pa iPhone bowo lili pa lamba wopyapyala wokhala ndi maiki zapansi, ndipo amasinthidwa yense. Pa mafoni ena bowo linawotcheredwa pa bolodi yaikulu, ntchito imene imafuna dzanja lozolowera mpweya wotentha ndi maikulosikopu.

Pa sipika yosalankhula, mmisiri asayambe ndi kuitaya. Aichotse, aike mita yoyezera magetsi pa timano take tiwiri. Sipika yaikulu yamoyo imaonetsa pafupifupi 6 mpaka 8 Ω. Mita ikasonyeza kuti palibe chodutsa, koyilo yaduka. Ikaonetsa nambala yabwino, ayang'ane timano ta sipuling'i ndi timabwalo ta golide pamene timagunda pa kabolodi, chifukwa pamenepo ndi pamene dzimbiri lobiriwira limakonda kuyamba, ndipo kaburashi ka IPA kamabwezeretsa mawu popanda kugula kanthu. Ngati sipika ndi timano zonse zili bwino koma kuli chete, vuto lasamukira ku lamba wolumikiza mabolodi awiriwo kapena ku kachipangizo kokweza mawu pa bolodi yaikulu.

Mawu ogonthoka amene sakuchoka pa sipika yoyeza bwino amakhala a kasefa komatika ndi shuga, sopo wouma kapena fumbi lonyowa. Kunja mutha kupukuta timabowo ndi kaburashi kouma, kofewa, mopendeketsa kuti zinyalala zituluke osati kulowa. Zikakanika, kasefako kamasinthidwa kuchokera mkati. Potseka foni, mmisiri aike guluu watsopano wodulidwa kale wa mtundu wa foniyo, osati kubwezera wakale, ndipo ngakhale atatero, foni yotsegulidwapo muziitenga ngati yopanda IP68 kuyambira tsiku limenelo.